Ndime yako ikafanana ndi ya mwini buku usanafune: zimachitika bwanji, ndipo umaikonza bwanji

Chaka chilichonse nyengo yopereka madisiteshoni ikayandikira, pamakhala wophunzira amene amabwera kwa supavayiza wake nkhope ili yakugwa, lipoti la Turnitin, makina ofufuza kufanana kwa zolemba, lili m'manja, ndime zingapo zitapakidwa utoto. Mawu ake amakhala amodzimodzi: "Koma bwana, ine sindinakopere. Ndinalemba ndekha." Nthawi zambiri amakhala akunena zoona monga mmene iye akuzionera. Sanadule ndime n'kuimata. Anakhala pansi, buku lili chotsegula pambali, n'kumalemba chiganizo chimodzichimodzi, akusintha mawu apa ndi apo. Anatopa nayo ntchitoyo, ndipo kutopako n'kumene kumamutsimikizira kuti ndimeyo ndi yake. Komabe ukaika ndime yake pafupi ndi ya mwini buku, ziwirizo zimaoneka ngati mwana ndi bambo ake.

Nkhani ino ndi ya wophunzira woteroyo, osati ya amene wagula asayimenti kapena wakopera dala. Ndikufuna kufotokoza chimene makina ofufuza kufanana amaona, chimene saona, ndi mmene munthu amalemberanso ndime kuti ikhaledi yake.

Chimene makinawo amachita

Turnitin inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku America, ndipo lero masukulu ambiri a ukachenjede padziko amaigwiritsa ntchito. Ili ndi m'bale wake, iThenticate, amene akonzi a magazini a kafukufuku amadutsitsamo zolemba asanazisindikize. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Ntchito yako ikalowa, makina amaiduladula m'timagulu ta mawu otsatizana, n'kufunafuna timagulu tomweto m'nkhokwe zitatu: masamba a pa intaneti, mabuku ndi magazini a kafukufuku, komanso ntchito za ophunzira ena zimene zinaperekedwa kale. Akapeza pofanana amapaka utoto, n'kuika nambala yolozera kumene mawuwo apezeka. Pamapeto amawerengera kuti mawu opakidwa utoto ndi gawo lalikulu bwanji la ntchito yonse, ndipo peresenti imene ophunzira amaiopa ija imachokera pamenepo.

Eni ake a Turnitin amanena okha kuti chida chawo chimayeza kufanana, sichiweruza kuba. Kusiyana kumeneku n'kofunika, ndipo masamu ochepa akuonetsa chifukwa chake. Tenga nkhani ziwiri, iliyonse ya mawu 2,000. Yoyamba yatuluka ndi 18 peresenti, ndiye kuti mawu 360 afanana ndi a kwina. Ukatsegula lipoti ukupeza kuti ambiri mwa mawuwo ndi mndandanda wa mabuku kumapeto, mutu wa funso umene kalasi yonse yalemba mofanana, mayina a maunduna ndi mabungwe, ndi mawu awiri ogwidwa amene ali m'mitengero ndipo mwini wake watchulidwa. Palibe cholakwa chilichonse pamenepo. Yachiwiri yatuluka ndi 9 peresenti yokha, mawu 180, koma onsewo achokera m'buku limodzi, ali m'ndime ziwiri zotsatizana, alibe mitengero ndipo gwero silinatchulidwe. Yachiwiriyi ndiyo ili ndi mlandu, ngakhale nambala yake ndi theka la yoyamba.

N'chifukwa chake ine ndikalandira lipoti sindiyambira pa nambala yaikulu ili pamwamba. Ndimapita pa mndandanda wa magwero uli kumbali n'kuona ngati pali gwero limodzi lomwe latenga gawo lalikulu. Magwero makumi awiri a 1 peresenti lililonse sandidetsa nkhawa kwenikweni. Gwero limodzi la 6 kapena 8 peresenti limandichititsa kutsegula ndime imeneyo n'kuiwerenga pambali pa inzake. Sukulu iliyonse imaika malire akeake a peresenti, ndipo wophunzira ayenera kuwadziwa, koma kukhala pansi pa malirewo si chikalata chotsimikizira kuti ntchito ndi yoyera.

Mu lipotimo muli zosefera. Exclude Quotes imachotsa mawu ali m'mitengero, Exclude Bibliography imachotsa mndandanda wa mabuku, ndipo palinso yochotsa zofanana zazifupi kwambiri. Ukaziyatsa, peresenti imatsika popanda kusintha liwu ngakhale limodzi, ndipo chotsalacho ndicho choyenera kuchiyang'ana.

Kufanana kosafuna kumalowera kuti

Njira yoyamba ndi manotsi. Uli mu laibulale kapena pa foni, wapeza ndime yabwino, waikopera m'fayilo yako kuti udzaigwiritse ntchito, ndipo sunaikepo chizindikiro chilichonse. Pakadutsa milungu itatu, fayiloyo yadzaza ndi maganizo ako osakanikirana ndi ziganizo za anthu ena. Uwerenga chiganizo chosalala, chikumveka chozolowereka, ndipo kuzolowerekako ukukutenga ngati umboni woti unachilemba ndiwe.

Njira yachiwiri ndi kuloweza. Ambiri a ife tinakula tikuloweza matanthauzo liwu ndi liwu, kuyambira ku pulayimale mpaka mayeso a fomu 4, ndipo amene ankabwereza ndendende zimene zili m'buku ndiye ankakhoza. Luso limenelo silichoka munthu akafika ku koleji. Wawerenga ndime kanayi kuti uimve, ndipo pofika polemba mutu wako ukungotulutsa ziganizo za mwini buku, ngakhale bukulo lili chotseka.

Njira yachitatu ndiyo yaikulu, ndipo imakhudza chilankhulo. Timalemba m'Chingerezi, chimene kwa ambiri ndi chilankhulo chachiwiri kapena chachitatu. Wolemba buku wanena chinthu mwaluso, iwe ukuopa kuti ukachinena mwako uchiwononga kapena uphonya tanthauzo. Ndiye umagwira chiganizo chake ngati mmene mwana wongoyamba kuyenda amagwirira khoma, n'kumangosintha mneni apa, mfotokozi apo. Mphunzitsi wina wa kalembedwe wa ku America, Rebecca Moore Howard, anachipatsa dzina chizolowezi chimenechi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, dzina lotanthauza kulemba kwa zigamba. Iye anaona kuti kawirikawiri ophunzira amachita zimenezi osati pofuna kunyenga, koma chifukwa sanaimvetse bwino nkhani imene akuwerenga kapena akuphunzira kumene kalankhulidwe ka phunzirolo. Ine ndimagwirizana naye. Koma malamulo a masukulu ambiri amaitengabe ndime ya zigamba ngati kuba, ngakhale utatchula gwero, chifukwa kutchula gwero popanda mitengero n'kuuza wowerenga kuti ganizo ndi la uje koma mawu ndi anga, pamene mawuwo si ako.

Tiyese ndi ndime yeniyeni

Ndime ili m'munsiyi ndailemba ndekha kuti itithandize, ndipo tiitenge ngati yachokera m'buku lina. Ndaiika m'Chichewa kuti tione bwino zimene zikuchitika, koma zonse zimene ndinene zimachitika chimodzimodzi m'Chingerezi.

"Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya kwambiri, choncho kuchuluka kwa madzi ake kumadalira mvula ndi mitsinje yothira m'nyanjayi. Mvula ikaperewera kwa zaka zingapo motsatizana, madzi amaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Pa nthawi zoterezi nsomba monga matemba zimathawira m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo zimabwerera madzi akachuluka."

Wophunzira akulemba za usodzi wa m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo akufuna kugwiritsa ntchito ndimeyi. Buku lili chotsegula, iye akulemba motere:

"Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wochotsa madzi, komanso ndi yosazama kwenikweni, motero kuchuluka kwa madzi ake kumadalira mvula ndi mitsinje yolowa m'nyanjayi. Mvula ikachepa kwa zaka zingapo motsatizana, madzi amauma, ngati mmene zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Pa nyengo zotere nsomba ngati matemba zimabisala m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo zimabwerera madzi akadzaza."

Wasintha mawu oposa khumi, ndipo akumva kuti wagwira ntchito. Tsono taona zimene zatsala. Mawu asanu ndi atatu otsatizana, "kuchuluka kwa madzi ake kumadalira mvula ndi mitsinje," ali momwe analili. Chiyambi cha ndime sichinasinthe. "Kwa zaka zingapo motsatizana" kalipobe. Makina akapeza timagulu totere tambiri, totsatana m'dongosolo lomwelo, amapaka utoto pafupifupi ndime yonse, n'kusiya timipata toyera pamene pali mawu osinthidwa. Ndime yooneka yamawangamawanga ngati nkhanga, utoto, mpata, utoto, mpata, ndicho chizindikiro cha kulemba kwa zigamba, ndipo lekichara aliyense amene waona malipoti ambiri amachizindikira asanawerenge n'komwe.

Wophunzira akaona zimenezi, chimene amafulumira kuchita n'kubwerera pa mawu opakidwa utoto aja n'kuwasinthanso, mpaka utoto utatha. "Kumadalira" asanduke "kumatengera," "motsatizana" asanduke "mondondozana." N'zotheka ndithu kuuthetsa utoto mwa njira imeneyi. Koma ndime imene yatsalayo idakali ya mwini buku. Ili ndi ziganizo zitatu ngati yake. Chiganizo choyamba chikuyamba ndi nyanja, kenako zifukwa ziwiri, kenako zotsatira. Chachiwiri chikuyamba ndi mvula n'kuthera pa zaka ziwiri zija. Chachitatu ndi cha nsomba, kuthawa ndi kubwerera. Wachotsa udzu wa padenga n'kufolera wina, koma mitengo ndi phaso ndi za nyumba yomwe ija. Makina sangaone, koma woyesa mayeso amene akulidziwa bukulo aona, ndipo woyesa wochokera ku sukulu ina kawirikawiri amakhala munthu amene mabuku a phunzirolo anawawerenga onse.

Pali ngozi ina pa kusintha mawu mongofuna kuthawa utoto, ndiyo kuwononga tanthauzo. Wophunzira wina, pofuna kuchotsa "kwa zaka zingapo motsatizana," angalembe kuti nyanjayi imauma mvula ikachepa. Zimenezo si zomwe gwero lanena, ndipo si zoona, pakuti chaka chimodzi cha mvula yochepa sichiumitsa Chilwa. Tsopano wanamizira wolemba buku chinthu chimene sananene, dzina lake lili pomwepo kumapeto kwa chiganizo. Zida za pa intaneti zosinthira mawu zimalakwitsa moposa apa. Mu 2021 akatswiri atatu, Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov, anaonetsa kuti m'magazini a sayansi munalowa zolemba zambiri zokhala ndi mawu opotoka odabwitsa, obwera chifukwa chosintha mawu ndi makina pofuna kuzemba zofufuza kufanana. Pa mawu amene afufuzi oterewa atolera pali khansa ya m'mawere imene inasanduka "ngozi ya pachifuwa," ndi kulephera kwa impso kumene kunasanduka "kukhumudwa kwa impso." Mawu otere akapezeka, amakhala umboni woti wina ankabisa kanthu, ndipo zolemba zina zachotsedwa m'magazini chifukwa cha iwo.

Kulembanso kwenikweni

Kukonza kumayamba ndi funso limene silikhudza mawu konse: ndime iyi ndikuifunira chiyani m'nkhani yanga? Mwini buku anailemba pofotokoza nyanja. Wophunzira wathu akulemba za asodzi. Zofuna zawo n'zosiyana, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumapereka mpangidwe watsopano. Chimene wophunzirayu akufuna kwenikweni ndi chiganizo chachitatu, chakuti nsomba zimapulumuka ndipo usodzi umayambiranso. Zaka ziwiri zija akuzifuna ngati umboni. Zoti nyanjayi ilibe potulukira madzi mwina sakuzifuna n'komwe pamalo ano.

Ndiye awerenge ndimeyo mpaka aimve, atseke buku kapena atembenuze foni, n'kulemba papepala timawu tochepa, osati ziganizo: yosaya, imadalira mvula; inauma 1968, 1995, pambuyo pa zaka zingapo zouma; matemba, mitsinje, madambo, amabwerera. Timawu timeneti tilibe alumikizi a mwini buku, tilibe "choncho" wake kapena "pa nthawi zoterezi" wake, ndipo alumikiziwo ndiwo amanyamula mafupa a ndime. Ngati nthawi ilipo, adikire ola limodzi kapena agone kaye, kuti kamvekedwe ka ziganizo zija kazilale m'mutu.

Apa ife olankhula zilankhulo ziwiri tili ndi mwayi umene sitiugwiritsa ntchito mokwanira. Usanalembe m'Chingerezi, ifotokoze mfundoyo mokweza m'Chichewa, ngati ukuuza mnzako wa chipinda chimodzi kapena amalume ako amene anakhalapo ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. "Ukudziwa, nyanja ija ikauma sikuti nsomba zimatheratu ayi, zimakabisala m'mitsinje, madzi akabwera nazonso zimabwera." Taona kuti pakamwa pako payamba ndi nsomba, osati ndi nyanja. Wasankha wekha poyambira. Ukalephera kuifotokoza m'Chichewa, dziwa kuti sunaimve, ndipo vuto lako si la kalembedwe koma la kuwerenga, choncho ubwerere kubuku. Izi n'zosiyana kotheratu ndi kumasulira chiganizo chimodzichimodzi kupita ku Chichewa n'kuchibwezanso ku Chingerezi. Kumasulira kotero kumasunga dongosolo lonse la mwini wake, ndipo ndime yomasulira popanda kutchula gwero ndi yobedwa ngati yokopera.

Akatero, wophunzira wathu angalembe motere:

"Usodzi wa pa Chilwa umayambiranso nyanja ikauma chifukwa nsomba sizithera pomwepo. Malinga ndi wolemba uje, matemba amakapulumukira m'mitsinje ndi m'madambo kufikira madzi atabwerera. Kuuma kotere kunachitikapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo wolemba yemweyo akuti nyanjayi ndi yosaya moti zaka zingapo za mvula yochepa zimakwanira kuiphwetsa. Ngati zili choncho, amene akufuna kuteteza usodzi wa pa nyanjayi ayenera kusamaliranso mitsinje ngati Likangala ndi Domasi, pakuti mbewu ya nsomba imasungika kumeneko."

Pamene ndalemba kuti "wolemba uje" m'pamene pakhale dzina la wolemba ndi chaka, monga mmene sukulu yako imafunira. Tayang'ana zimene zasintha. Ndime ikuyamba ndi mfundo ya wophunzira, ndipo gwero likulowa kudzaichirikiza. Zimene zinali kumapeto kwa mwini buku zabwera koyamba. Mfundo imodzi yasiyidwa chifukwa siikufunika. Chiganizo chomaliza si cha m'buku, ndi chimene wophunzira watengapo yekha, ndipo mawu oti "ngati zili choncho" akuonetsa wowerenga pamene mwini buku walekezera ndi pamene wophunzira wayambira. Gwero latchulidwa kawiri, chifukwa mfundo zobwereka zili m'ziganizo ziwiri. Ophunzira ambiri amaika dzina la wolemba kamodzi kumapeto kwa ndime yaitali, ndipo wowerenga sadziwa ngati dzinalo likuimira chiganizo chomaliza chokha kapena ndime yonse.

Mawu ena atsalabe ofanana: Chilwa, matemba, "mu 1968 ndi mu 1995," "m'mitsinje ndi m'madambo." Amenewa asakuvutitse. Mtsinje ndi mtsinje, dambo ndi dambo, ndipo chaka sichisinthika. Makina akawapaka utoto, uwasiye.

Chomaliza n'kutsegulanso buku n'kuyerekeza, ndipo pamafunika kuyang'ana mbali ziwiri. Mbali yoyamba, kodi pali mawu asanu kapena asanu ndi limodzi otsatizana amene abwerera okha kuchokera m'mutu? Ngati gwero lili pa kompyuta, tenga kagulu ka mawu ako n'kukafufuza m'gwerolo ndi Ctrl+F. Mbali yachiwiri, kodi tanthauzo lidakalipo? Pamene mwini buku anati "mwina" kapena "nthawi zina," iwe sunalembe ngati n'zotsimikizika? Pamene anati "anthu ena amene tinawafunsa," iwe sunalembe kuti "Amalawi"? Kufufuza kwachiwiriku ambiri amakulumpha, chonsecho ndiko kumateteza dzina lako ndi la wolemba uja.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakonda, kosafuna makina. Lemba manambala pa mfundo za m'gwero, 1, 2, 3, 4, monga zikutsatirana. Kenako pita pa ndime yako uike manambala omwewo pamene mfundo iliyonse yaonekera. Ukapeza 1, 2, 3, 4 popanda chako chilichonse pakati, ndime yako ikuyendabe m'mapazi a mwini wake. Si kuti dongosolo liyenera kusokonezedwa dala, pakuti nkhani ya zochitika motsatana kapena njira yoyezera chinthu mu labotale ili ndi dongosolo lake lachibadwa. Koma pa ndime ya mfundo ndi zifukwa, kutsatira gwero phazi ndi phazi kumasonyeza kuti sunasankhe chimene ukufuna.

Zimene siziyenera kulembedwanso

Si ndime iliyonse yofunika kuisintha. Ndime ya malamulo, monga gawo la Malamulo Aakulu a dziko, mphamvu yake ili m'mawu ake enieniwo, ndipo wophunzira zamalamulo amene angawasinthe pothawa utoto walakwitsa phunziro lake. N'chimodzimodzi ndi tanthauzo lovomerezeka la matenda, mawu a munthu amene unamufunsa pa kafukufuku, mzere wa ndakatulo umene ukuusanthula, kapena chiganizo chimene ukufuna kutsutsana nacho. Zoterezi uzigwire momwe zilili, uziike m'mitengero, utchule wolemba, chaka ndi tsamba. M'kalembedwe ka APA, mawu ogwidwa akafika 40 kapena kuposa amaikidwa pandime yawoyawo yolowa m'kati, popanda mitengero. Utoto ukagwa pa mawu ogwidwa bwino, palibe chokonza.

Mayina a zinthu za m'phunziro lako nawonso asasinthidwe. Ngati akatswiri onse amachitchula chinthu ndi dzina limodzi, iwe ukachitchula mwina, wowerenga aganiza kuti ukunena chinthu china kapena kuti suchidziwa. Mutu wa njira za kafukufuku umakhala ndi utoto wambiri pa chifukwa chomwechi: pali njira zochepa zonenera kuti unasankha anthu mwachisawawa kapena kuti unapempha chilolezo kwa ofunsidwa. Chimene chimachotsa kufanana pamenepo n'kulemba zimene iwe unachitadi, mudzi uti, anthu angati, mwezi uti, mafunso anafunsidwa m'chilankhulo chanji, m'malo motenga ndime ya disiteshoni ya chaka chatha n'kusinthamo dzina la boma.

Komanso mitengero isakhale pobisalira. Mutu wodzaza ndi mawu ogwidwa, ngakhale onse atatchulidwa bwino, ulibe mlandu wa kuba koma ulibenso mawu a mwini ntchito, ndipo woyesa amafuna kumva iwe.

Za mutu wounika zimene ena analemba, kumene utoto umachuluka kuposa kwina kulikonse, ndingonena chimodzi. Ukamalemba wolemba mmodzi ndime imodzi, wina ndime ina, umakhala pafupi kwambiri ndi aliyense wa iwo. Ukaika olemba atatu m'ndime imodzi pa funso limodzi, uyu akuti chakuti, uyo akutsutsa, wachitatu anapeza zosiyana chifukwa anafufuza kwina, palibe gwero limene lingakubwereke mafupa a ndime imeneyo, popeza palibe mmodzi wa iwo amene anailembapo.

Misampha iwiri ya pa makina

Pamamveka malangizo m'makoleji akuti ukaika zilembo zoyera zosaoneka pakati pa mawu, kapena ukasintha zilembo zina ndi zofanana nazo za alifabeti ina, makina sagwira. Turnitin ili ndi gawo lotchedwa Flags limene limaonetsa lekichara zilembo zobisika ndi zosinthidwa. Wophunzira amene anali ndi vuto la zigamba, limene likanatha ndi kulembanso, akachita zimenezi amasanduka munthu wonyenga dala, ndipo chilango chake chimakhala china.

Msampha wachiwiri umagwira anthu osalakwa. Wophunzira akufuna kudziwa peresenti yake asanapereke ntchito, ndiye amapempha mnzake wa pa sukulu ina, kapena amalipira munthu wa pa intaneti, kuti amudutsitsire. Ngati malo amene ntchitoyo yalowera anakonzedwa kuti azisunga zolemba m'nkhokwe, ntchito yake imakhala m'menemo. Tsiku lopereka kwenikweni, lipoti limatuluka lofiira, pafupifupi ntchito yonse itafanana ndi pepala la wophunzira wa pa sukulu ina, pepala limene ndi lake lomwe. Kuichotsa m'nkhokwe kumafuna pempho lodzera kwa woyang'anira Turnitin pa sukulu imene inalandira pepalalo, ndipo zimatenga nthawi imene womaliza maphunziro sakhala nayo. Choncho ngati ukufuna kuyesa ntchito isanathe, funsa supavayiza kapena a ku laibulale ya sukulu yako ngati ali ndi malo oyesera amene aikidwa pa No repository, kutanthauza kuti pepala silisungidwa. Ngati malo otero palibe, tenga ziganizo zimene ukuzikayikira, makamaka zija zomveka bwino kuposa mmene umalembera masiku onse, uziike m'mitengero pa Google, uone ngati zituluka kwina.

Za manotsi, njira imene ndimapatsa ophunzira anga ndi yachikale. Chilichonse chokopera chilowe m'fayilo chili kale m'mitengero, ndi dzina la wolemba ndi tsamba, nthawi yomweyo, osati mawa. Chimene wafupikitsa m'mawu ako uchilembe G kutsogolo, kutanthauza gwero, pamodzi ndi tsamba lake. Ganizo lako lenileni ulilembe INE. Pakadutsa miyezi iwiri, pamene ukulemba mutu wachiwiri usiku magetsi atazima ndipo batire la laputopu likutha, sudzafunika kukumbukira kuti chiganizo ichi n'cha yani, chifukwa chidzakhala chitalembedwa pambali pake.